Matabwa 90 amene anatsala pang'ono kuchotsetsa akapitawo ntchito

Lolemba m'mawa abwana anandiitana ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Patebulo panali lipoti limene ndinalemba ndekha Lachisanu, la oda ya madesiki a sukulu ina ya pulayimale. Pa bajeti tinaika matabwa a paini 600 pa mtengo wa K6,000 limodzi, zonse pamodzi K3,600,000. Koma amene tinagwiritsa ntchito anali 690, ndipo anatidyera K4,692,000. Ndalama yopitirira inali K1,092,000, abwana ataizunguliza ndi cholembera chofiira.

"Achimwene, matabwa 90 sangasowe okha. Akapitawo andiuze kumene apita."

Ndinawapempha kuti andipatse masiku atatu asanaitane munthu. Mlandu wina unali wanga: lipotilo linali ndi nambala imodzi yokha ya valiyansi, kutanthauza kusiyana kwa bajeti ndi ndalama imene tinagwiritsa ntchito, ndipo nambala imodzi yotere imangoloza chala kwa amene ali pafupi ndi matabwa.

Tsiku lonse la Lolemba ndi Lachiwiri ndinali pa malisiti. Bajeti ija tinaipanga mu Ogasiti, ndi kotesheni ya nthawi ya chilimwe. Ntchito inagwiridwa mu Febuluwale, mvula ili pakati, pamene malole ochokera ku Chikangawa amavutika kutuluka m'nkhalango ndipo matabwa ouma amasowa ku Mchesi. Nditagawa ndalama yonse ndi matabwa 690, ndinapeza kuti limodzi tinagula pa K6,800. Ndiye kuti thabwa lililonse linakwera ndi K800, ndipo K800 kuchulukitsa ndi 690 ndi K552,000. Kuposa theka la vuto lonse linali mtengo, chinthu chimene mmisiri alibe nacho mphamvu.

Yotsala, K540,000, ndiyo ya matabwa 90 aja. Apa pali lamulo limene ophunzira za maakaunti ambiri amaliphonya: matabwa opitirira timawawerengera pa mtengo wa pa bajeti, K6,000, osati K6,800. Ukagwiritsa ntchito mtengo watsopano, kukwera kwa mtengo umakuwerengera kawiri, ndipo zigawo zako sizigwirizana ndi chiwerengero chonse.

Lachitatu ndinatsikira ku shopu. Ndinapeza akapitawo akupala thabwa, nkhope ili gwa, chifukwa mphekesera inali itawafika kale.

"Bambo, pa desiki limodzi mumalowetsa matabwa angati?"

"Asanu, monga mwa nthawi zonse. Koma inu mwawerenga madesiki angati?"

Ndinati 120. Iwo anaseka, nkunditulutsira kope lawo lodetsedwa ndi guluu. Madesiki amene anatuluka anali 128. Aphunzitsi aakulu anaonjezera asanu ndi atatu pafoni, abwana anavomera, invoisi yake inalembedwa payokha, koma bajeti palibe anaikhudza. Ine ndinkayerekeza matabwa a madesiki 128 ndi bajeti ya madesiki 120. Madesiki oonjezerawo anayenera kudya matabwa 40, omwe ndi K240,000, ndipo sukulu inalipira kale. Manyazi anandigwira, osanama.

Anatsala matabwa 50. Akapitawo ananditengera kuseri kwa shedi kumene kunali mulu. Tinawerenga limodzi limodzi: 38 anali opindika ngati uta, ena ong'aluka kumapeto. Onsewo anali a ulendo wachiwiri, umene unagulidwa mothamanga kwa wogulitsa wina pamene tsiku lopereka madesiki linayandikira. Anabwera aawisi. Thabwa laliwisi umalidziwa ndi kulemera kwake, komanso utuchi wake umamatirira pa sowo m'malo mouluka. Akapitawo ananena zimenezi tsiku limene matabwawo anafika, koma pakamwa pokha, ndipo panalibe nthawi yowayala kuti aume. Otsala 12 anadulidwa molakwika ndi mnyamata wophunzira ntchito, ndipo akapitawo sanakane.

Chimene chinandikhalitsa pansi n'chakuti pa pepala matabwa 38 aja amaoneka ngati kuononga kwa amisiri, chifukwa amagwera mu gawo la kagwiritsidwe ntchito, pamene gwero lake ndi kagulidwe. Masamu amakuuza gawo limene ndalama yathawira, koma kuti udziwe chifukwa chake umayenera kukaona mulu wa matabwawo ndi maso.

Lachinayi ndinalembanso lipoti, tsamba limodzi, mizere inayi: mtengo K552,000, madesiki oonjezera K240,000, matabwa aawisi K228,000, kudula molakwika K72,000. Pansi pa mzere uliwonse ndinaika chiganizo chimodzi chofotokoza umboni wake.

Lachisanu abwana analiwerenga kawiri, chala chitaima pa mzere wachitatu, poti amene analamula kuti tigule mothamanga anali iwo omwe. Sananene kanthu pa zimenezo. Anangoti kuyambira tsopano akapitawo azisayina kaye matabwa asanatsitsidwe mu lole, ndipo oda ikasintha ndizimva tsiku lomwelo. Kenako anandifunsa ngati 38 aja angatuluke timipando ta ana a mkaka. Akapitawo akuti mwina 20 mwa iwo angatheke, akauma.