Shafiti ya mamilimita 40 yomwe inaduka pa makina ofinyira mafuta

Lolemba m'mawa kuwekishopu kwathu ku Kanengo kunabwera bambo wina wochokera ku Mchinji atanyamula zidutswa ziwiri za shafiti m'thumba la feteleza. Ali ndi makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, ndipo shafiti yomwe imatenga mphamvu kuchokera ku mota kupita ku magiya a makinawo inali itaduka, makina atangogwira ntchito miyezi yochepa. Anafuna kuti timudulire ina yofanana ndendende, koma ya chitsulo cholimba kuposa chakale.

“Amisiri, shafiti imeneyi inagwira ntchito zaka zambiri pachigayo changa ndi mota yomweyi, osavuta,” anatero. “Ndiye vuto ndi chitsulo basi, chakalamba.”

Ndinawafunsa kuti pachigayopo inkazungulira pa liwiro lanji, nanga pano ikuzungulira bwanji. Yankho la funso limeneli ndi lomwe linatipatsa ntchito ya sabata yonse. Pachigayo, shafitiyo inkayenda liwiro lofanana ndi la mota, maulendo 1450 pa mphindi. Pa makina a mafuta anaika pule yaing'ono ya mamilimita 150 ku mota ndi yaikulu ya pafupifupi 720 ku shafiti, kotero liwiro linatsika kufika pa maulendo pafupifupi 300 pa mphindi. Mota ndi ya makilowati 22. Shafiti ndi ya mamilimita 40 kunenepa kwake, ndipo kuchokera pa pule kukafika pa giya ndi mamita 1.8, chifukwa mota anaiika kuseri kwa khoma kuti isamadye fumbi.

Anthu ambiri amaganiza kuti shafiti ikamayenda pang'onopang'ono ndiye kuti ikupuma, koma sizili choncho. Mphamvu ya mota ndi toki, kutanthauza mphamvu yopotokola, kuchulukitsa ndi liwiro la kuzungulira. Mphamvu ikakhala yomweyo, liwiro n'kutsika kasanu, toki imakwera kasanu, ndipo chomwe chimapotokola chitsulo ndi tokiyo.

Lachiwiri ndinakhala pansi ndi mnyamata yemwe akuphunzira ntchito kwa ife kuti tiwerengere limodzi. Mphamvu `P` ikakhala mu makilowati, liwiro `N` mu maulendo a pa mphindi, toki `T` timaipeza motere:

```
T = 9550 × P / N
chigayo:  9550 × 22 / 1450 = 145 N·m
mafuta:   9550 × 22 / 300  = 700 N·m
```

Nambala ya 9550 imachokera pa 60,000 kugawa ndi 2π, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa maulendo a pa mphindi kukhala maradiyani a pa sekondi, ndi makilowati kukhala mawati. Amene akukayika atha kudutsa njira yaitali: maulendo 300 pa mphindi ndi maradiyani 31.4 pa sekondi, ndipo mawati 22,000 kugawa ndi 31.4 akupereka 700 yemweyo.

Kenako tinafuna kudziwa kuti chitsulo chikuvutika motani ndi toki imeneyi. Shafiti ikamapotokoledwa, gawo lililonse la chitsulo limafuna kutsetsereka pa linzake loyandikana nalo. Kukula kwa mphamvu yotsetsereza imeneyi pa kamalo kalikonse ndiko timati shiya sitiresi, ndipo m'masamu timailemba `τ`, pomwe `d` ndi kunenepa kwa shafiti. Pakatikati penipeni pa shafiti palibe sitiresi, imakwera mofanana pamene ukutuluka kupita kunja, ndipo yaikulu kwambiri ili pakhungu. N'chifukwa chake mng'alu umayambira kunja, ndipo kachilonda kakang'ono pakhungu la shafiti ndi koopsa kuposa mmene kamaonekera.

```
τ = 16T / (π d³)
chigayo:  16 × 145,000 / (π × 40³) = 11.5 MPa
mafuta:   16 × 700,000 / (π × 40³) = 55.7 MPa
```

Poyamba mnyamatayo anapeza 0.056 ndipo anabwera akumwetulira. “Abwana, shafitiyi sikumva kanthu n'komwe.” Anali atalowetsa 700 mmene ilili, pomwe kunenepa analemba mu mamilimita. Kunenepa kukakhala mu mamilimita, toki nayo iyenera kukhala mu manyutoni kuchulukitsa mamilimita, ndiye 700 imakhala 700,000. Ndinamuuza kuti asanakhulupirire kalikuleta azidziwiratu dera lomwe yankho liyenera kugwera. Shafiti ya chitsulo yomwe ikugwira ntchito bwinobwino imakhala ndi sitiresi ya mamegapasikali makumi angapo. Akapeza nambala yosafika 1, kapena ya masauzande, abwerere akaone miyezo.

Tsono 55.7 ndi yambiri kapena yochepa? Muyezo wakale wa bungwe la mainjiniya a ku America la ASME, womwe ambiri tikuugwiritsabe ntchito poyambira, umati chitsulo wamba cha mashafiti chisapitirire mamegapasikali 55, ndipo ngati pali mpata wa kiyi, kachitsulo komwe kamamanga pule kapena giya ku shafiti, chisapitirire pafupifupi 40. Shafiti yathu ili ndi mpata wa kiyi pa pule ndi pa giya. Ndiye ngakhale makina akuyenda mosalala, inali itadutsa kale malire. Komanso makina ofinyira sayenda mosalala. Mbewu zikalowa zambiri nthawi imodzi, kapena zotsalira zikauma m'kati, katundu amakwera mwadzidzidzi. Pa makina otere ndimachulukitsa toki ndi 1.5, ndiye 700 imakhala 1050, ndipo sitiresi pa shafiti ya mamilimita 40 imafika pa 84, kuwirikiza kawiri malire aja.

Zidutswa zomwe zinali patebulo zinkagwirizana ndi masamuwa. Mng'alu unayambira pakona ya mpata wa kiyi, n'kuyenda chopendekera, pafupifupi madigiri 45 kuchoka pa mzere wa shafiti. Mbali ina ya podukapo inali yosalala, yokhala ndi timizere topindika totsatizana, chizindikiro choti mng'alu unkakula pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Mbali yotsala inali yokhakhala, pomwe chitsulo chinathothoka kamodzi n'kamodzi chitachepa. Chitsulo chofewa chikaduka chifukwa cha katundu wamkulu wa nthawi imodzi chimaduka mopingasa, ngati chadulidwa, pamwamba pake pooneka popakika mozungulira. Apa sizinali choncho. Ndinapatsa mnyamata uja choko kuti achipotokole ndi zala, ndipo chinathyoka mopendekera momwemo. Chomwe chimachititsa n'chakuti kupotokola kumabweretsanso kukoka kwa mbali ya madigiri 45, ndipo mng'alu umatseguka mopingasa kukokako.

Lachitatu bambo aja anaimba foni kufunsa ngati tapeza chitsulo cholimba chija. Apa ndinachedwapo, chifukwa pempho lawo linali ndi nzeru mbali imodzi. Chitsulo monga EN19 chimapirira sitiresi yaikulu kuposa chitsulo wamba, ndipo mwina shafiti ya mamilimita 40 ya chitsulo chimenechi sikanaduka msanga. Koma pali funso lachiwiri lomwe kulimba kwa chitsulo sikuliyankha, loti shafiti ikupotokoka madigiri angati kuchokera kumapeto kuno kufika uko.

```
J = π d⁴ / 32 = 251,300 mm⁴
θ = T L / (G J)
  = 700,000 × 1800 / (80,000 × 251,300)
  = 0.063 rad = 3.6°
```

Apa `L` ndi utali wa shafiti, `J` ndi nambala yochokera pa kunenepa kwake, ndipo `θ` ndi kupotokoka. Yankho limatuluka mu maradiyani, ndipo umachulukitsa ndi 57.3 kuti upeze madigiri. `G` ndi muyezo wa mmene chitsulo chimakanira kupotokoka, ndipo pa zitsulo zonse za mashafiti ndi pafupifupi mamegapasikali 80,000, kaya ndi chofewa kaya ndi chowotchedwa kuti chilimbe. Ndiye EN19 ya mamilimita 40 ikanapotokoka madigiri 3.6 omwewo. Lamulo lomwe timatsatira pa mashafiti otumiza mphamvu ndi loti isapitirire digiri imodzi pa utali wofanana ndi kunenepa kwake kuchulukitsa ka 20. Pa shafiti iyi utali umenewo ndi mamilimita 800, ndipo pamenepo inkapotokoka madigiri 1.6. Shafiti yotere imakhala ngati sipuling'i pakati pa pule yolemera ndi magiya: katundu akakwera imadzikulunga, akatsika imabweza, mano a magiya n'kumamenyana, kiyi n'kumadya mpata wake. Nditafunsa ngati magiya ankagogoda, bambowo anati inde, ndipo kiyi anali atasinthapo kale.

“Ndiye mukuti tichite bwanji, amisiri?”

Ndinawauza kuti mankhwala ake ndi kunenepetsa shafiti, ndipo sipafunika kuwonjezera zambiri. Sitiresi imatsika motsatira `d³`, kupotokoka motsatira `d⁴`. Tikatembenuza fomula ija, n'kuika toki ya 1050 ndi malire a 40, tikupeza mamilimita 51. Ya 50 ikupereka 43, yapitirira pang'ono, ndipo sindinafune kuinyengerera pa makina ogogoda chotere. Ya 55 ikupereka 32 pa katundu wadzidzidzi, 21 pa katundu wa masiku onse, ndipo kupotokoka pa mamita 1.8 onse kukutsika kuchoka pa madigiri 3.6 kufika pa digiri imodzi. Kuwonjezera mamilimita 15 okha kwachepetsa kupotokoka koposa katatu ndi theka.

Mtengo wake ulipo ndithu. Shafiti ya 55 imalemera pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi ya 40, mabering'i a UCP208 ayenera kuchoka kuti palowe a UCP211, ndipo pule ndi giya ziyenera kubooledwanso. Bambowo anadandaula, ndipo ndinawamvetsa, chifukwa inali nyengo yomwe mpendadzuwa unali pamsika, makina akaima ndalama zimaimanso. Koma anavomera nditawawerengera kuti ya EN19 ikanawasiyira vuto la magiya, omwe ndi okwera mtengo kuposa shafiti.

Lachinayi linali la pa leefi, makina osemera chitsulo mozungulira, ndi pa makina odulira mipata. Tinagwiritsa ntchito chitsulo cha EN8, kiyi ya mamilimita 16 kwa 10, ndipo ndinaonetsetsa kuti makona a pansi pa mpata wa kiyi asakhale akuthwa, poti ndi pomwe mng'alu wakale unayambira.

Masamu onse ndalembawa amangoona kupotokola pa shafiti yozungulira, yopanda bowo, yomwe chitsulo chake sichinafike popindikiratu. Saona kukoka kwa malamba, komwe kumapinda shafiti cham'mbali, ndipo kupindako kumasintha mbali pa ulendo uliwonse. Titafika ku Mchinji Lachisanu ndinapeza kuti pule yaikulu inali patali ndi bering'i, pafupifupi chikhatho ndi theka. Tinasuntha bering'iyo kuti igundizane ndi pule, tinaika ina pakati pa shafiti, n'kulunzanitsa zonse ndi chingwe.

Titayatsa ndinapima magetsi omwe mota ikukoka. Pa chikwangwani chake palembedwa pafupifupi maampu 41, ndipo pofinya bwinobwino inkakhala pansi pa pamenepo, kusonyeza kuti toki ya 700 yomwe tinawerengera sikupitiriridwa pa ntchito ya masiku onse. Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi zomwe anandiuza mnyamata woyendetsa makinawo, zoti magetsi akazima pakati pa ntchito amangodikira, akayaka n'kudina batani makina ali odzaza. Mota yamtunduwu ikayatsidwa mwachindunji imatha kutulutsa toki yowirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo ngati zotsalira zauma m'kati, yonseyo imathera pa shafiti. Toki ya 1400 ikanapereka mamegapasikali 111 pa shafiti yakale, pomwe pa yatsopanoyi ndi 43. Ipirira, koma si zoti zizichitika tsiku ndi tsiku. Ndinapempha eni ake kuti magetsi akazima azimasula kukamwa kwa makina, achotse zouma, azungulitse pule ndi manja kuona kuti yamasuka, kenako ndiye ayatse.