Mmene ndinafunsira a zamakompyuta ngati amasunga zimene timalemba mu Copilot

Tsiku lina kuntchito ndinaika kalata ya madandaulo a wantchito mnzathu mu Microsoft 365 Copilot, pulogalamu ya AI yothandiza kulemba ndi kuyankha mafunso, kuti ndiifupikitse. M'kalatamo munali dzina lake komanso za matenda ake. Nditamaliza ndinafufuta zonse, koma mtima sunakhale m'malo. Kodi zinachokadi, kapena zinangochoka pamaso panga?

Imelo yoyamba yopita kwa a zamakompyuta ndinangofunsa ngati zimene timalemba m'menemo n'zotetezeka. Anayankha kuti ndisadandaule, sizigwiritsidwa ntchito pophunzitsira makinawo. Ankanena zoona, koma funso langa ndi limene linali lotambalala. Kuphunzitsira ndi nkhani ina, kusunga ndi nkhani inanso. Zolemba zikhoza kusungidwa kwa zaka popanda kuphunzitsira chilichonse.

Ndiye ndinalembanso, ulendo uno ndikutchula pulogalamuyo ndi akaunti imene ndinalowera:

"Zikomo chifukwa cha yankho lanu. Ndikufunsa za Microsoft 365 Copilot pa akaunti yanga ya kuntchito. Kodi zimene ndimalemba pamodzi ndi mayankho ake zimasungidwa? Ngati n'choncho, kwa masiku angati, kuwerengera kuyambira tsiku lolemba kapena tsiku lofufuta? Ndani ali ndi chilolezo choziwerenga? Chonde munditumizirenso ndondomeko yolembedwa."

Funso la kuwerengera masikulo musalisiye, chifukwa akangoti "masiku 30" osanena poyambira, simunayankhidwe.

Yankho lachiwiri linali logwira mtima. Zokambiranazo zimasungidwa mu foda yobisika ya m'bokosi langa la imelo, imene ine sindingaione. Amene anapatsidwa chilolezo angathe kuzifufuza kudzera mu Microsoft Purview, chida choyang'anirira zolemba za kampani, monga amachitira ndi maimelo pakakhala mlandu. Kutalika kwa nthawi amasankha ndi abwana a pantchito, ndipo kwathu anaika chaka chimodzi. Lamulo losunga likakhalapo, kufufuta kwanga kumangochotsa pamene ndimaonera, koma kope limatsala mpaka nthawiyo itakwana. Zinandipweteka, chifukwa nkhani ya matendayo sinali yanga.

Anandikumbutsanso kuti yankholi likukhudza akaunti ya kuntchito yokha. Amene amalowa mu ChatGPT, pulogalamu ina yonga Copilot, ndi akaunti yakeyake, zolemba zake zili m'manja mwa kampani yoipanga ya OpenAI, imene imanena kuti zofufutidwa zimachoka pasanathe masiku 30, pokhapokha ngati malamulo kapena nkhani zachitetezo zikufuna kuti zisungidwe. Pamenepo a zamakompyuta sangakufufutireni kanthu.

Tsiku lomwelo ndinauza oyang'anira antchito zimene ndinachita, ndipo ndinalemba imelo yachitatu yopempha kuti kope lija lichotsedwe ngati ndondomeko ikulola. Ndinatchula tsiku ndi ola limene ndinalemba, koma dzina la mnzathuyo sindinaliikemo, poti imeloyonso isungidwa.