Nyemba zinapserera, mpunga unapita kukazipepesa

Mayi a kunyumba ponyamuka kupita ku maliro ku Dedza anandisiyira malamulo awiri okha. Loyamba, ana adye. Lachiwiri, poto wonyezimira wa pamwamba pa kabati ndisamukhudze. Poto ameneyu ndi wa sitenilesi, mphatso ya apongozi pa ukwati wathu, ndipo amatsika pa Khirisimasi pokha. Ine ndinavomera mosavuta. Munthu amene ndinakhalapo pa ubatchala zaka zisanu ku Ndirande, nyemba zingandiopse?

Loweruka m'mawa ndinakoleza mbaula, n'kutereka nyemba m'sefuliya yathu ya aluminiyamu, ija yopepuka imene chigwiriro chake chimodzi chinamangidwa ndi waya. Nyemba zimachedwa kupsa, aliyense amadziwa. Ndiye ndinati ndingofika pansi pa mtengo wa mango pamene anzanga amasewera bawo, kungoonerera basi. Kuonerera kunabala kulangiza, kulangiza kunabala kukhala pa mpando. Patapita nthawi kunabwera kafungo. Ndinakwinya mphuno n'kuuza anzanga mokweza kuti, "Azimayi a masiku ano ndi osasamala, wina wapsereza ndiwo uko." Onse anavomereza. Ndinatakata kawiri kenanso ndisanakumbuke kuti mayi wosasamalayo ndine.

Ndinapeza utsi uli tolotolo pakhonde. Nyemba za pamwamba zinali kuonekabe ngati nyemba, koma za pansi zinali zitabwerera kwa makolo awo, makala. Mwamantha ndinatunga madzi ozizira m'ndowa n'kukhuthulira m'sefuliya ili pamoto pomwepo. Inalira kuti tswiii, kenako pansi pake panamveka kuti pho! Apo sindinadziwe kuti ndaipatsa chilema cha moyo wonse. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi, mbali ina imakhwinyata mbali ina isanadziwe, ndiye thako la poto limapindika. Aluminiyamu ndi wofewa, sachedwa kumvera.

Ana anali atayamba kale kundiyang'ana ndi maso a njala. Mapoto ena onse ndi aang'ono, a tiyi ndi a masamba. Ndinayang'ana pamwamba pa kabati. Poto wa apongozi naye anandiyang'ana. Ndinaganiza kuti mwa malamulo awiri aja, lalikulu ndi lakuti ana adye, choncho ndinamutsitsa n'kuphikamo mpunga wa mkaka ndi shuga. Makala anali atayaka psuu. Ndinavundikira, n'kukhala chakumbali ndi mpeni kuyamba kupala sefuliya ija. Ndinapala ndi mtima wonse, moti fungo lachiwiri ndinkaliyesa lotsalira la nyemba. Ana anadya mabanzi.

Madzulo amenewo ndinali ndi odwala awiri. Ndinakumbuka kuti soda amachotsa zopserera, ndiye ndinathira theka la paketi m'sefuliya, n'kuwiritsa mwina theka la ola. Makala aja anafewadi, ena n'kumatuka okha. Koma nditataya madziwo, m'kati monse momwe madzi anafika munali mutada bii, kuda kwa phulusa lonyowa, kosachoka ndi sopo. Poto wa apongozi ndinamugwira ndi sitiluwaya, mozungulirazungulira mpaka mkono kuwawa. Nditatopa ndinasiya sitiluwayayo momwemo, m'timadzi, n'kukagona. Kutacha ndinapeza timadontho ta dzimbiri pansi pake, pa poto amene dzina lake lenilenilo limatanthauza kuti sachita dzimbiri. M'mbali mwake, momwe kale munthu unkadziona nkhope, munali mizere ngati mwadutsa mphaka wolusa.

Ndinaimbira mnzanga wina amene amapanga sopo wamadzi wogulitsa. Iye sanachedwe: "Amwene, kositiki soda. Supuni imodzi, chilichonse chimasungunuka." Anatumiza mwana ndi kajumbo. Ndinali nditagwada pa mjigo, kajumbo m'manja, sefuliya patsogolo, pamene mayi eni nyumba, alandilodi athu, anatulukira atavala za ku tchalitchi.

"Aneba, chimenecho n'chiyani?"

Ndinawauza. Anaika Baibulo lawo pa zenera, n'kundilanda kajumboko ngati akulanda mwana lumo.

"Chilichonse chimasungunuka, eetu, ndi poto yemwe. Mukufuna mkazi wanu adzapeze zigwiriro zokha?"

Anandifotokozera kuti kositiki akakumana ndi aluminiyamu amadya chitsulo chenichenicho. Madzi amatentha okha, amachita thovu, ndipo mpweya umene umatuluka umayaka ukakumana ndi moto. Ine mbaula inali apo, mapazi atatu kuchokera pomwe ndinagwada. Ndinaisuntha mwakachetechete.

Kenako anatenga mapoto onse awiri, lina dzanja ili lina dzanja ilo, n'kumawayeza kulemera ngati akugula nkhuku. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mwachita bwino zonse, aneba, kungoti mwasinthanitsa. Mankhwala a uyu mwapatsa uyu."

Mapemphero a m'mawa anawaphonya tsiku limenelo, ati kupulumutsa banja nakonso ndi ntchito ya Mulungu. Tinayamba ndi poto wa apongozi. Anamutembenuza n'kundionetsa manambala olembedwa kunsi, 18/10. Mwana wawo wamkazi amene amaphunzira za mahotela anasuzumira pa zenera n'kunena kuti manambalawo akutanthauza magawo 18 pa 100 a kromiyamu ndi magawo 10 a nikelo, ndipo kromiyamuyo ndi amene amapanga kachikopa kosaoneka koteteza chitsulo. Dzimbiri ndinaliona lija, anati, silinali la poto ayi. Linali la tizidutswa ta sitiluwaya timene tinatsalira n'kugona m'madzi. Apa mtima unakhalako pansi pang'ono.

Soda amene ndinazunza naye sefuliya, kwa sitenilesi ndiye kwawo. Alandilodi anathira madzi ongopitirira popserera ndi zala ziwiri, ngati lita imodzi, n'kuikamo masupuni atatu aakulu a soda. Anaphula makala ena m'mbaula kuti moto uchepe, madzi azingonyenyera osati kubwata mwaukali. Patatha mphindi 15 madzi anasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo anandipatsa mthiko kuti ndizikankha pansi madziwo akadali otentha. Nkhoko za mpunga zinayamba kumatuka zikuluzikulu. Koma pakati penipeni, pamene mkaka ndi shuga zinagwirana, panakana. Shuga akapserera amauma ngati phula la pamsewu. Pamenepo anakanda soda ndi timadzi pang'ono, kukhala ngati phala lolimba, n'kumata pamalopo.

"Musiyeni agone. Vuto la amuna ndi limeneli, mumafuna kugonjetsa poto ndi mphamvu."

Ndinafunsa ngati sindingathiremo mankhwala oyeretsera zovala aja onunkha klorini kuti zifulumire. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Klorini, ngakhalenso mchere wosiyidwa pansi pa poto wonyowa, amaboola timaenje ting'onoting'ono pa sitenilesi, ndipo timaenje timeneto sititsekeka. Kunja kwa potoyo kunalinso mitundu ya utawaleza, yabuluu ndi yofiirira, chifukwa cha ukali wa makala. Imeneyo anaipukuta ndi kansalu konyika mu viniga, inachoka ine ndikuona. Timadontho ta dzimbiri tinachoka ndi phala la soda lomwe lija, pa siponji yofewa.

Sefuliya ndiye inafuna zosiyana. Aluminiyamu amada akawiritsidwa ndi soda, ndipo chimene chimamuyeretsa ndi zowawasa. Anandifunsa ngati sindinaonepo kuti ukaphika matimati ambiri kapena chidede m'sefuliya yakuda, m'kati mumatsala mowala. Ndinati ndinaonapo, ngakhale kunena zoona ine ndimaona za m'mbale zokha. Viniga anali atatha, ndiye ndinathyola mandimu anayi mu mtengo wa mayi a kunyumba, umene amauwerenga zipatso ngati ndalama za banki m'khonde. Tinafinyira m'madzi okwana lita imodzi ndi theka, makoko ake n'kuponyamo momwemo, n'kuwiritsa mphindi 15. Kuda kuja kunayamba kusuluka pang'onopang'ono.

Nzeru zinandibwerera, ndinati bwanji tithiremo soda pang'ono kuti mphamvu zikhale ziwiri. Ndinaonapo zikuchita thovu lochititsa chidwi.

"Thovulo ndi ndewu yawo," anatero alandilodi. "Akamenyana awiriwo amathana mphamvu, inu mumatsala ndi madzi wamba. Komanso mwaiwala kale amene wadetsa sefuliyayi?"

Ndinakhala chete.

Madzi a mandimu anati tisawagoneke m'sefuliya, chifukwa zowawasa nazo zikakhalitsa zimayamba kudya aluminiyamu. Tinataya, ndipo timakala totsalira m'mphepete tinatikwecha. Apa pokha ndiye sitiluwaya analoledwa, wofewa uja, ndi sopo, chifukwa sefuliya ilibe galasi loti n'kuliwononga. Kunja tinakwecha ndi mchenga wosalala wosakaniza phulusa, monga amachitira kumudzi, n'kutsukuluza nthawi yomweyo poti phulusa ndi m'bale wake wa soda. Madzi ankatuluka otuwa. Ndinasangalala kuti litsiro likuchoka, koma anandiuza kuti kutuwako ndi poto weniweniyo akuperepeseka, ndiye ndisachite kukwecha ngati ndikulipidwa. Mabala a mpeni wanga anali apo, ozama, ndipo m'menemo ndi momwe chakudya chizikakamira kuyambira tsopano.

Lolemba m'mawa phala la soda linali litagwira ntchito yake. Phula lija linachoka ndi mthiko ndi siponji basi. Mizere ya sitiluwaya yokha ndiyo inatsala, poti chokandika chakandika. Ndinabwezera poto pamwamba pa kabati, mbali yokandikayo ndinailozetsa kukhoma, chivundikiro pamwamba. Ana ndinawagulira mafiliziwe n'kukambirana nawo za ubwino wosunga chinsinsi.

Mayi anafika Lachiwiri madzulo. Titapepesana za maliro, analowa kukhitchini. Ine ndinatsegula wailesi n'kumamvetsera mitengo ya fodya mwachidwi, ngakhale sindinalimepo fodya chibadwire. Ndinamva sefuliya ikuikidwa pa tebulo. Inagwedera, gwede gwede gwede, ngati ikuvina manganje, osafuna kukhazikika.

"Abambo, tabwerani."

Anali ataipendeketsa kuloza ku kuwala. M'kati munali mzere woongoka bwino kuzungulira sefuliya yonse. Kunsi kwa mzerewo kunali mbee, kuwala kuposa tsiku limene tinaigula. Pamwamba pake panali lamba wakuda bii, chifukwa madzi a soda ndinadzaza mpaka m'khosi, pamene a mandimu analekeza pakati.

Ndisanatsegule pakamwa, wamng'ono uja, filiziwe wanga akadali m'mimba, anati, "Amama, koma poto wa agogo ndiye sitinamukhudze. Mpunga wake unangopserera wokha."

Mayi sanayankhe. Anakoka mpando, n'kukwerapo, n'kuyamba kutembenuza poto wa pa kabati pang'onopang'ono. Ali pamwamba pomwepo, osacheuka n'komwe, anafunsa kuti, "Nanga mandimu anga anali 23. Ndikawerenge?"