Sabata ya 6: ndayeza nyama ndi nsomba pa sikelo kuti ndione kiriyetini amene ndimadya

Pamene ndinkayamba kumwa ufa wa kiriyetini, chinthu chothandiza minofu kupeza mphamvu pochita masewera olimbitsa thupi, masabata 6 apitawo, mnzanga amene timanyamula naye zitsulo anandiuza kuti ndikungotaya ndalama. Anati munthu wodya nyama ndi nsomba safunika ufa umenewu chifukwa zonse zili kale m'mbale. Sindinamutsutse, chifukwa ndi zoona kuti kiriyetini amapezeka mu nyama. Ndipotu Michel Chevreul, katswiri wa ku France amene anamutulukira mu 1832, anamupeza mu nyama momwemo, ndipo dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mnofu. Chimene ndinkafuna kudziwa ndi kuchuluka kwake. Choncho sabata yathayi ndinabwereka sikelo ya kukhitchini imene mlongo wanga amayezera ufa wa makeke, n'kumayeza ndiwo zanga tsiku lililonse.

Manambala amene ndinagwiritsa ntchito ndi a mnofu wosaphika. Kilo imodzi ya nyama ya ng'ombe imakhala ndi magalamu pafupifupi 4.5 a kiriyetini, ndipo ya nkhumba imakhala ndi magalamu 5. Nsomba zimasiyanasiyana. Heringi, nsomba ya m'nyanja zamchere zozizira, ndiyo imaposa zonse chifukwa imakhala ndi magalamu 6.5 mpaka 10 pa kilo. Salimoni ili ndi 4.5, tuna 4, ndipo kodi, ya mnofu woyera, ili ndi 3. Nsomba imene tinadya kunyumba ndinaiwerengera pa 3 pomwepo kuti ndisadzinamize.

Lachiwiri mayi a kunyumba anagula kilo imodzi ya ng'ombe kubutchala. Ndisanalole kuti ilowe mumphika, ndinachotsa mafupa ndi mafuta n'kuyeza mnofu wokhawokha, ndipo sikelo inaima pa magalamu 700. Apa mpamene ambiri timasokonezeka. Kiriyetini amakhala mumnofu, osati m'fupa kapena m'mafuta, ndiye kilo imene walipira si kilo imene ungawerengere. Pakhomo tilipo anayi, kotero gawo langa linali magalamu 175. Ndikachulukitsa 0.175 ndi 4.5, ndikupeza magalamu pafupifupi 0.8. Nthuli zinayi zabwino ndithu, zoti munthu udzuke pamphasa uli wokhutira, koma sizinakwane ngakhale galamu imodzi.

Masiku enawo anayenda chonchi. Lolemba tinadya nyemba, Lachitatu mazira ndi mpiru, Lachisanu soya, ndipo masiku atatu amenewa ndinalemba ziro, chifukwa zomera zilibe kiriyetini ndipo wa m'mazira ndi wochepa kwambiri moti sangasinthe chiwerengero. Lachinayi inali nsomba, mnofu wake magalamu 150 nditachotsa mutu ndi minga, zimene zinandipatsa 0.45. Loweruka ndinadya nkhumba magalamu 200, imeneyo ndi galamu imodzi yathunthu. Lamlungu ng'ombe inabweranso, magalamu 250, n'kundipatsa 1.1. Sabata yonse ndinapeza magalamu pafupifupi 3.4, kutanthauza kuti pa tsiku sindinafike bwinobwino pa theka la galamu. Ndipo imeneyi inali sabata ya kumayambiriro kwa mwezi, m'thumba muli kanthu.

Ufa umene ndimamwa ndi magalamu 5 patsiku. Ndi wa mtundu wa monohaidireti, umene mbali ina ya kulemera kwake ndi madzi omatirira ku kiriyetiniyo, moti kiriyetini weniweni ndi magawo 88 pa 100 alionse. Choncho pa magalamu 5 ndimapezapo 4.4. Nditaika nambala imeneyi pambali pa 3.4 ija, ndinakhala kaye chete. Kasupuni kamodzi ka m'mawa kakuposa nyama ndi nsomba zonse zimene ndinadya masiku 7. Kuti ndipeze 4.4 kuchokera m'mbale, ndiyenera kudya pafupifupi kilo yathunthu ya mnofu wa ng'ombe tsiku ndi tsiku, ndekha, wopanda fupa. Ngakhale munthu atamamwa magalamu 3 okha, womwe ndi mlingo wotsika umene umagwirabe ntchito, angafunike mnofu pafupifupi magalamu 600 kuti afananitse. Pa 4.4 ija, heringi ingachepetse mtolowo kuchoka pa kilo kufika pakati pa magalamu 440 ndi 680, komabe imeneyo ndi nsomba yambiri pa tsiku limodzi.

Panalinso cholakwa chimene ndinachita Loweruka. Ndinayamba ndayeza nkhumba itapsa kale, ndipo ndinazindikira chifukwa nambala inatsika kwambiri poyerekeza ndi mulu umene ndinauona usanaphikidwe. Nyama ikamapsa imataya madzi n'kupepuka, ndiye sungatenge kulemera kwa yophika n'kuchulukitsa ndi nambala ya yaiwisi. Mwamwayi theka lina linali lisanaphikidwe, ndipo ndinayeza chidutswa chofanana nacho. Kuphikako kumachotsanso kiriyetini m'njira ziwiri. Wina amasanduka chinthu china chotchedwa kiriyetinini chifukwa cha kutentha, makamaka nyama ikakhalitsa pamoto, ndipo ameneyo minofu siimugwiritsa ntchito. Wina amasungunukira m'madzi. Ndiye nyama yolimba imene timaiwiritsa maola awiri ija, gawo lina la kiriyetini wake lili mumsuzi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kusiya msuzi m'mbale. Izi zikutanthauzanso kuti 3.4 yanga ija ndi nambala yapamwamba, ndipo zimene zinalowadi m'thupi n'zocheperapo.

Komabe mnzanga uja sanalakwitse zonse, ndipo ndinamuuza choncho Lolemba ku jimu. Thupi la mwamuna wa makilo 70 limasunga kiriyetini pafupifupi magalamu 120, pafupifupi yense ali m'minofu, ndipo tsiku lililonse limataya magalamu awiri kapena kucheperapo, amene amatuluka mumkodzo ngati kiriyetinini. Pafupifupi galamu imodzi impso ndi chiwindi zimapanga zokha, ndipo yotsalayo imachokera ku chakudya. Munthu wodya nyama pafupipafupi amabwezera zimene wataya, ndipo sadwala chifukwa chosamwa ufa. Koma kubwezera zimene zatuluka n'kosiyana ndi kudzaza nkhokwe. Chakudya wamba chimasiya minofu isanadzaze, ndipo ntchito ya ufa ndi kukweza nkhokweyo kuyandikira magalamu 150 kapena 160. Ikadzaza, wowonjezerayo amangotuluka mumkodzo. N'chifukwa chake anthu odya nyama yambiri nthawi zambiri saona kusintha kwakukulu akayamba kumwa, pamene osadya nyama, amene nkhokwe yawo imakhala yotsika, amakwera kwambiri. Ine wa theka la galamu patsiku ndili pafupi ndi gulu lachiwirili kusiyana ndi mmene ndinkaganizira.

Sindinachite zomwa magalamu 20 patsiku kwa masiku 5 mpaka 7 oyamba zimene ena amachita pofuna kudzaza msanga. Mlingo waung'ono umafikitsa pamalo omwewo pakatha pafupifupi masabata anayi, ndipo suvutitsa m'mimba. Ndinayamba ndili ndi makilo 68, pano ndili ndi 69.2, ndipo ndikudziwa kuti gawo lalikulu la zowonjezerazo ndi madzi amene kiriyetini amakokera m'minofu. Pa benchi, makilo 60 amene ndinkakankha maulendo 6 pano ndikufikitsa 8, ngakhale kuti zina mwa zimenezo n'chifukwa chosajomba masabata onsewa.

Mwezi wamawa ndili ndi tsiku lokayezetsa magazi, ndipo ndalemba kale m'kabuku kuti ndikawauze adokotala za ufawu asananditenge magazi. Ufa wa kiriyetini, ngakhalenso nyama yophika imene munthu wadya maola ochepa asanayezedwe, zikhoza kukweza kiriyetinini wa m'magazi, nambala yomwe amaonera mmene impso zikugwirira ntchito. Aliyense amene ali kale ndi vuto la impso ayambe wafunsa dokotala asanagule. Sikeloyo ndaipempha kuti ikhale sabata inanso, chifukwa ndikufuna kuyeza sabata ya kumapeto kwa mwezi, imene nyemba ndi soya zimasinthana mumphika.