Zomwe ndaphunzira pa kuteteza tchanelo cha YouTube, ndi zochita akuba akalowa

Tchanelo cha YouTube chilibe loko wakewake. Chimakhala pansi pa akaunti ya Google, ndiye amene wagwira Gmail wagwiranso tchanelo, makanema onse ndi ndalama zomwe. Apa ndi pomwe tinayambira pagulu lathu lowerengera limodzi kuno ku Zomba, chifukwa angapo mwa ife timayang'anira matchanelo a makwaya ndi a anzathu oimba.

Kutsimikiza kawiri polowa kumatanthauza kuti pasiwedi payokha siyokwanira, pamafunikanso chinthu china chomwe chili m'manja mwako. Umayatsa pa myaccount.google.com/security, pomwe palembedwa 2-Step Verification. Kuyambira pa 1 Novembala 2021, YouTube inalamula kuti aliyense wolandira ndalama patchanelo ayatse zimenezi, apo ayi salowa mu YouTube Studio.

Funso lenileni ndi lakuti chachiwiricho chikhale chiyani. Ambirife timathamangira uthenga wa pafoni popeza ndi wosavuta, koma ine ndimaona kuti ndiwo wofooka kwambiri. Uthengawo umatsata nambala, osati iweyo. Foni ikasowa pa depoti, wotola amangochotsa simu, kuika m'foni ina, manambala achinsinsi aja nkumabwera kwa iye. Pulogalamu ya Google Authenticator ndiyabwinoko. Imatulutsa manambala 6 omwe amasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo sifuna bandulo kapena netiweki chifukwa imawerengera kuchokera pa nthawi ya pafoni. Ndiye ikayamba kukanidwa, usanakwiye yang'ana wotchi ya foniyo, mwina yataya nthawi.

Chomwe anthu amadumpha ndi Backup codes. Google imakupatsa manambala apadera 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi basi. Alembe papepala, usunge pomwe umasunga masatifiketi. Kuwajambula nkusiya m'foni yomweyo sikuthandiza, popeza tsiku lomwe udzawafune ndi lomwe foniyo kulibe.

Tsopano nachi chomwe chinandikhazika pansi. Zonsezi zimalondera pakhomo polowera basi. Ukalowa bwinobwino, Google imasiya kafayilo kakang'ono m'bulawuza yako kotchedwa kuki, kuti mawa isakufunsenso. Kali ngati chidindo chomwe amakumenya padzanja ukalipira pageti: mlonda akachiona safunsanso tiketi. Wakuba akakopera kafayiloko nkukaika pakompyuta yake, amapezeka ali m'kati osalemba pasiwedi, osafunsidwa nambala. Akatswiri a chitetezo a Google analemba za kubedwa kwa makuki kumeneku mu Okutobala 2021, ndipo mu Malichi 2023 tchanelo chachikulu cha Linus Tech Tips chinalandidwa mwanjira yomweyi, ngakhale eni ake ndi anthu odziwa makompyuta.

Tinaziona pafupi kwa mnyamata wina woimba wa ku Matawale. Analandira imelo yaulemu, ati kampani ikufuna kutsatsa malonda patchanelo chake, mgwirizano uli m'fayilo ya zipi, pasiwedi yotsegulira ili m'munsi. Pasiwedi ya pazipiyo ntchito yake ndi kuphimba maso a pulogalamu yogwira mavayilasi kuti isasuzumire m'katimo. M'kati munali chooneka ngati kalata, koma dzina lake linali lotere:

```
Contract.pdf.scr
```

Windows imabisa mapeto a dzina la fayilo ngati sunaiuze kuti ionetse, ndiye iye anangoona .pdf. Mapeto a .scr kapena .exe ndi pulogalamu, si kalata. Anadina, palibe chinatseguka, anangoti mwina fayilo yaonongeka nkukagona. Kutacha, dzina la tchanelo linali litasintha, nyimbo zake sizikuoneka, ndipo pankaulutsidwa kanema wolonjeza anthu kuti atumize ndalama za pa intaneti zibwerere zitachulukitsidwa kawiri.

M'maola oyamba, chofunika si liwiro lokha koma kuyamba ndi choyenera. Mtima umati tsegula laputopu usinthe pasiwedi, pomwe wakubayo wakhala m'laputopu yomweyo ndipo yatsopanoyo aiona. Laputopuyo idule pa intaneti, uisiye pambali. Tenga chipangizo china chomwe sichinatsegule fayiloyo, makamaka foni yako yomwe umaloweramo nthawi zonse.

Ngati ukutha kulowa, sintha pasiwedi pomwepo. Kenaka, patsamba lija la myaccount.google.com/security, pita pa Your devices, tsegula Manage all devices, udine Sign out pa chilichonse chomwe sukuchidziwa, ndi palaputopu yodwalayo pomwe. Uku ndiye kupha kuki yobedwa ija. Ukatero uyende m'mapazi a wakubayo, chifukwa amadzisiyira njira yobwerera: nambala ndi imelo yobwezeretsera akaunti, njira zatsopano zomwe waonjezera pa 2-Step Verification, ndi mapulogalamu akunja omwe apatsidwa chilolezo. Tulutsanso Backup codes atsopano, akale amafa pomwepo.

Ngati wakutsekera kunja, pita pa g.co/recover. Google imayang'ana ngati ukufunsa kuchokera pachipangizo ndi pamalo omwe imakudziwira, ndiye si nthawi yothamangira ku kashopu kosindikiza mapepala ku Chikanda kukabwereka kompyuta ya eni. Chitira kunyumba, pafoni yako, ndipo ikafunsa pasiwedi lemba yomaliza yomwe ukuikumbukira. Mnzathuyu chinamupulumutsa ndi chakuti nambala yobwezeretsera ikasinthidwa, Google imatha kutumizabe uthenga ku nambala yakale kwa masiku 7. Wakuba anali ataika yake, koma yakale inali ikadali ndi mphamvu. Mnzathuyu akanati adikire kaye mayeso athe, khomo limenelo likanatsekeka.

Mu Gmail, pa Settings, muli malo awiri oyenera kuyang'ana omwe sindikanawaganizira: Forwarding and POP/IMAP, komanso Filters and Blocked Addresses. Kwa mnzathuyu munali lamulo lofufuta imelo iliyonse yochokera ku Google, nchifukwa chake sanaone chenjezo ngakhale limodzi.

Akaunti ikabwerera ndiye upite ku tchanelo. Mu YouTube Studio, pa Settings kenaka Permissions, chotsa aliyense wachilendo. Ngati tchanelo chili pa Brand Account, akaunti yomwe imatha kukhala ndi eni angapo, yang'ananso mndandanda wa eni ake, chifukwa woonjezeredwa kukhala mwini akakwanitsa masiku 7 atha kudzipanga mwini wamkulu. Imitsa kanema wachinyengo uja, koma yamba wajambula zonse pasikirini: dzina latsopano, nthawi, zipangizo zachilendo. Makanema ako usawalire msanga. Nthawi zambiri akuba amangowaika pa Private, sawafufuta, ndipo a mnzathuyu onse anali pomwepo. Ngati umalandira ndalama, onanso mu AdSense, momwe malipiro a YouTube amadzera, kuti akaunti ya kubanki ikadali yako.

Dziwitsa YouTube tsiku lomwelo, kudzera pa tsamba lawo la chithandizo kapena @TeamYouTube pa X, pakuti tchanelo choulutsa zachinyengo chimatha kutsekedwa ndipo umboni uja ndiwo umasonyeza kuti sunali iwe. Ukalemba poyera, konzekera alendo: pamabwera anthu ena okuuza kuti akubwezeretsera tchanelo ukawalipira. Amenewo ndi akuba achiwiri. YouTube silipiritsa pa zimenezi, ndipo sifunsa pasiwedi.

Laputopu ija tinasamutsa zithunzi ndi nyimbo zokha, nkuikamo Windows mwatsopano. Mapasiwedi onse omwe anali osungidwa m'bulawuza anasinthidwa, a Facebook ndi a kusukulu omwe, popeza vayilasi yotere imakolola zonse nthawi imodzi. Pa tchanelo cha kwaya chomwe ndimayang'anira, pasiwedi tinasiya kugawana pa WhatsApp. Woika makanema tinamupatsa udindo wa Editor kudzera pa akaunti yake, ndipo akaunti ya mwini tchanelo siyitsegulidwanso pakompyuta yomwe timawerengerapo makalata a otsatsa malonda.