Wotchi ya bwana Disii

Kwathu aliyense ankadziwa kuti wotchi ya pakhoma ya malemu agogo aamuna inali mphatso ya bwana Disii wachizungu, m'zaka za m'ma 1930. Pa maliro aliwonse nkhaniyi inkanenepa. Azakhali ankati agogo anapulumutsa mzunguyo kwa njati. Amalume ankati unali mkango. Pofika pa maliro a agogo aakazi, mikango inali iwiri.

Ndiye fizi ya mwana itandigwira pakhosi, ndinati wotchiyi ikagwire ntchito. Ndinamva za bambo wina wogula zinthu zakale mu Blantyre. Ndinatenga wotchi, ndinatenganso bokosi lamatabwa limene agogo anabwera nalo kuchokera ku Joni kuti ndinyamuliremo. Koma bokosilo linali lochititsa manyazi: mapepala akale omatamata, achikasu ngati mano a munthu wafodya. Ndinakhala pakhonde ndi mpeni ndi madzi a sopo, n'kupala onse. Kenako penti wabuluu, kawiri. Mkazi wanga anati, "Abambo ake Chisomo, kodi mukugulitsa bokosi kapena wotchi?" Ndinamuuza kuti za bizinesi azisiyira ife.

Nditafika, ndinayamba ndi mikango. Bamboyo anangogwedeza mutu, ndipo nkhope ya wotchi sanaiyang'ane n'komwe. Anaitembenuza, n'kutsegula kachitseko kakumbuyo, n'kuunika makina ndi tochi ya foni.

"Achimwene, Disii wanu uja anapereka liti wotchiyi?"

"Cha m'ma 1930."

"Ndiye anali mneneri. Taonani apa."

Pachitsulo panadindidwa kuti inapangidwa ku West Germany. Anandifotokozera mofatsa kuti dziko la dzina limenelo linayamba mu 1949 n'kutha mu 1990, choncho chinthu chodindidwa choncho sichingakhale chakale kuposa 1949, ngakhale mudzi wonse utalumbira.

Apa ndinaona kuti yafika nthawi yotulutsa mfuti yaikulu. M'thumba ndinali ndi mapepala a agogo omanga ndi mphira, ndipo pakati pake panali lisiti lolembedwa wotchi. Sindinaliwerenge bwino kunyumba, ndinangoona kuti ndi lakale, inki itafwifwa. Ndinaliponya patebulo ngati khadi yomalizira.

Iye anavala magalasi. Deti linali litafufutika, koma mtengo unkaoneka bwinobwino: K14.50. Anandifunsa ngati ndikudziwa chaka chimene kwacha ndi tambala zinayamba. Ndi 1971. Chisanafike chakacho lisiti likanalembedwa m'mapaundi, masheleni ndi makobiri. Komanso, anatero, mphatso sibwera ndi lisiti la dzina la wolandira. Ndiye kuti agogo anakaigula okha m'sitolo ndi ndalama zawo, atsamunda atapita kalekale. Umboni ndinabwera nawo ndekha, pa minibasi, ndalama yolipira yanga.

Anati nkhani ya pakamwa saitaya, imamuuza koyambira kufufuza, koma salipira nkhani. Amalipira pamene zinthu zitatu zagwirizana: zimene banja likunena, zimene pepala likunena, ndi zimene chinthucho chikunena pathupi pake. Zikasemphana, mtengo umatsika kuposa chinthu chopanda nkhani, chifukwa wogula amayamba kukayikira zonse. Mtengo umene ananditchulira sindiulemba pano, azakhali amawerenga.

Ndikulongedza mwamanyazi, iye anali akusanthulabe mtolo wa mapepala uja. Mwadzidzidzi anakhala tsonga. Anapeza chikalata cha Wenela chokhala ndi dzina la agogo ndi nambala yawo ya ku mgodi.

"Bokosi limene anabwera nalo lilipo?"

Ndinaloza pansi, monyadira buluu wanga.

Anagwada, n'kuyendetsa chala pa chivindikiro. Pansi pa penti pankaonekabe timabwalo ta makona anayi pamene panali guluu. Anafunsa kuti pamapepalawo panalembedwa chiyani. Ndinati china chinali ndi dzina la agogo ndi nambala, china chinali cha sitima, chotchula Francistown. Bamboyo anatseka maso ngati wamva uthenga wa maliro. Anthu a Wenela ankakwera ndege kukatsikira ku Francistown, n'kupitiriza pa sitima mpaka ku Joni, kufikira ngozi ya ndege ya 1974 itachititsa boma kuimitsa ulendowu. Nambala ya pabokosi ikanafanana ndi ya pachikalata, bokosilo likanakhala la munthu wodziwika, pa ulendo wodziwika, ndipo osunga mbiri amalimbirana zotere. Popanda mapepala aja, ndi bokosi chabe losungiramo nyemba.

"Mwina zidutswa zilipo?" anafunsa.

Ndinaimbira mkazi wanga pomwepo. Anati anazisesa, ndipo anakolezera mbaula.

Wotchi inabwerera pakhoma. Mwezi watha pa chinkhoswe ndinamva amalume akuuza alendo za Disii. Mikango tsopano ndi itatu, ndipo ine ndinathandiza kugwedeza mutu.