Tatsegula chipinda chathu ku Chinamwali: mbiri ya ntchito yathu ya makanema achikumbutso

Mwezi uno tasamutsa kompyuta pakhonde la kunyumba n'kulowa m'chipinda chathuchathu ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, ndipo mtima wanga wadzaza. Tinayamba ine ndi mayi akunyumba, kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Mabanja omwewo ndi amene anayamba kutiitana pakagwa zovuta, kuti tiwalumikizire zithunzi za malemu zoonetsa kutchalitchi kapena pa tsiku lovundukula chiliza.

Chaka chowawa chinali 2023. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi, khoma la nyumba yomwe tinkachita lendi linagwa, kompyuta n'kunyowa. Zithunzi za mabanja awiri zinapulumuka chifukwa zinali m'chikwama cha pulasitiki pamwamba pa kabati. Tinakatenga katapila. Bambo amene munabwera kudzanyamula sikana yathu, makina olowetsera zithunzi zapapepala m'kompyuta, sabata la malipiro lisanathe, tikukuonani mukamadutsa, ndipo ngongole yanu tinamaliza. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, pulojekita yomwe tinkasungira ndalama n'kukwera mtengo tikuona.

Chomwe chatisunga ndi momwe timagwirira ntchito ndi banja. Posachedwa tinakonza kanema wa bambo wina, mphunzitsi wopuma wa ku Sadzi. Ana anatumiza zithunzi 140, ndipo abusa anatipatsa mphindi zisanu. Chithunzi chimafuna masekondi asanu ndi limodzi kuti agogo okhala kumbuyo azindikire nkhope, choncho zinalowa 48 zokha, masekondi otsalawo n'kukhala a dzina ndi zaka za malemu. Kutaya zithunzi 92 si ntchito ya mlendo ngati ine. Ndinapempha kuti banja lisankhe munthu mmodzi wolankhula nafe, ndipo anasankha atsibweni awo a malemu, eni mbumba.

Apa m'pamene panali nkhani. Malemuwo anakwatira kawiri, mkazi woyamba anamwalira kalekale, ndipo pafupifupi zithunzi zonse zinachokera kwa ana a nyumba yachiwiri, poti ndiwo anakula nthawi ya mafoni. Tikanangozitenga momwe zinabwerera, ana akuluakulu akanakhala m'tchalitchi kuonera moyo wa bambo awo iwo mulibemo. Ndinati, "Bambo, kodi kunyumba yoyamba kulibe alubamu?" Inapezeka ku Jali, yamapepala omatirira, zithunzi zina zitadyedwa ndi chinyezi m'mbali. Tinazisikana pa 600 dpi, ndiye kuti timadontho 600 pa inchi iliyonse, kuti zisaphwanyike pokula pakhoma. Tinatsata zaka: unyamata, ukwati woyamba, kusukulu ndi choko m'manja, ukwati wachiwiri, kenako zidzukulu. Kutsata zaka kumathandiza chifukwa palibe anganene kuti taika wina patsogolo mwadala. Mwana aliyense anaoneka, ndipo mayi amasiye anavomereza okha kuti chithunzi cha mkazi woyamba chilowe.

Pali zithunzi zomwe sitiika ngakhale wina aumirire: za m'chipatala munthu atatheratu, za bokosi lotsegula, ndi zomwe malemu agwira botolo pamene banja ndi lopemphera. Chomaliza chimakhala cha munthu ali bwino, akuyang'ana kutsogolo, ndipo timachisiya nthawi yotalikirapo.

Pa nyimbo timafunsa kaye mpingo. Kwa aphunzitsiwa tinakajambula amayi a Mvano akuimba nyimbo yomwe malemu ankaikonda, m'malo motenga ya woimba wotchuka, chifukwa nyimbo za eni ake Facebook imatha kuzitseka mawu, achibale a ku Joni n'kuonera kanema wosalankhula. Nyimbo ziwiri zimakwana pa mphindi zisanu. Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri kuno, amaika maliro msanga ndipo ambiri safuna nyimbo kapena zithunzi. Kumeneko timayamba tamva kwa ashehe ndi akuluakulu, ndipo akati ayi, nkhani yatha.

Kanema sapita pagulu eni mbumba ndi amasiye asanamuonere paokha kunyumba, n'kuwerenga dzina lililonse ndi deti lililonse.

Ndithokoze mayi akunyumba, amene amakhala pansi ndi anamfedwa pamene ine mawu andithera. Achimwene anga amene anatibwereka laputopu chaka cha Freddy osatchula tsiku lobweza, Mulungu akudalitseni. Amayi a Mvano ndi a Dorika amene mumatitchula kwa anzanu, abusa ndi ansembe amene mumatipatsa mpata pa mwambo, mnyamata wa kabaza amene amathamangitsa ma fulashi usiku, ndi mabanja a ku Matawale, Chikanda ndi Mpondabwino amene munatikhulupirira ndi zithunzi zoti zilibe zinzake, zikomo kwambiri.

Ngati mukukonzekera chiliza, tipezeni kutatsala masabata awiri. Za maliro timagwira usiku womwewo. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa njira yachizolowezi imachepetsa chithunzi n'kumaoneka mbuu pakhoma. Alubamu timabweza m'manja mwanu tsiku lomwelo. Mumalandira kanema wa MP4 pa fulashi ndi wina wopepuka wotumiza pafoni, ndipo pulojekita ndi jenereta timabwera nazo tokha mpaka ku Thondwe ndi ku Domasi.